Kuyeretsa lipoti la leja mu Excel kuti likhale tebulo logwirika ntchito

Lipoti lomwe pulogalamu ya akaunti imatulutsa mu Excel limakonzedwa kuti lisindikizidwe papepala, munthu aliwerenge ndi maso. N'chifukwa chake dzina la akaunti limalembedwa kamodzi kokha pamwamba, m'maselo angapo olumikizidwa, pansi pa akaunti iliyonse pamakhala mzere wa totala, kenako mzere wopanda kanthu wopumitsa maso. Zonsezi zimaoneka bwino mpaka tsiku lomwe abwana kapena maodita akufuna kudziwa ndalama zonse zomwe zinapita ku mafuta mwezi ndi mwezi. Mukayesa kusanja mizere, Excel imakana n'kukuuzani kuti maselo olumikizidwa ayenera kukhala ofanana kukula. Mukayika sefa, imathera pa mzere woyamba wopanda kanthu. Mukaphatikiza kolamu ya ndalama, mumapeza chiwerengero chachikulu zedi kuposa chomwe mukuchidziwa.

Chomwe tikufuna ndi tebulo losalala: mzere umodzi wa mitu pamwamba, ndipo pansi pake mzere uliwonse ukhale thiranzakishoni imodzi yodziimira payokha, yokhala ndi akaunti yake, tsiku lake ndi ndalama zake. Njira yomwe ndikulongosola pano ili ndi mfundo imodzi yaikulu. Osafufuta mizere chifukwa chakuti ikuoneka ngati zinyalala. Yambani mwauza Excel maonekedwe a mzere weniweni, mutenge yokhayo yomwe yakwanira, kenako mutsimikizire ndi matotala a lipoti lenilenilo kuti simunataye kapena kuwonjezera tambala ngakhale imodzi.

Tigwiritsa ntchito kachidutswa aka ka leja ya mwezi wa Epulo 2024, ka maakaunti awiri a zowonongedwa. Mizere 1, 2, 5 ndi 12 ndi yolumikizidwa kuchokera pa A mpaka F.

```
   A              B          C     D                     E            F
1  General Ledger
2  01/04/2024 - 30/04/2024
3
4  Account        Date       Ref   Description           Debit        Credit
5  5200 Fuel
6                 01/04/2024       Balance b/f             900,000.00
7                 03/04/2024 PV011 Total filling station   120,000.00
8                 12/04/2024 PV019 Diesel                  180,000.00
9                 25/04/2024 JV004 Refund                             15,000.00
10 Total 5200                                            1,200,000.00 15,000.00
11
12 5300 Bank charges
13                01/04/2024       Balance b/f              42,000.00
14                30/04/2024 BS04  Transfer fee              6,500.00
15                30/04/2024 BS04  Transfer fee              6,500.00
16 Total 5300                                               55,000.00
17
18 Grand Total                                           1,255,000.00 15,000.00
```

Lanu lingakhale ndi mizere zikwi zingapo, koma matenda ake ndi omwewa. Mukaphatikiza kolamu E yonse mmene ililimu mupeza K3,765,000, yomwe ndi K1,255,000 katatu, chifukwa ndalama iliyonse yawerengedwa pa mzere wake, pa totala ya akaunti, komanso pa totala yaikulu.

Musanakhudze chilichonse

Dinani kumanja pa dzina la shiti m'munsimu, sankhani Move or Copy, chongani Create a copy. Ntchito yonse muchitire pa kope. Shiti yoyambayo isiyeni mmene yabwerera, chifukwa ndiyo mboni yanu pomaliza.

Kenako lembani pambali manambala omwe tebulo loyera liyenera kudzatulutsa. Apa pamafunika kuwerenga lipotilo mofatsa. Grand Total ikuti debiti ndi K1,255,000, koma mkati mwake muli ndalama zotsala za miyezi yam'mbuyo, K900,000 ndi K42,000, zomwe si thiranzakishoni za Epulo. Tikazichotsa, debiti yeniyeni ya mweziwu ndi K313,000, kirediti K15,000. Mapulogalamu ena saphatikiza zotsalazo mu totala, amaziika mu kolamu ya Balance yokha, choncho tengani akaunti imodzi yaifupi muiphatikize pamanja kuti mudziwe khalidwe la lipoti lanu. Ngati mwatulutsa leja yonse ya maakaunti onse, debiti ndi kirediti ziyenera kufanana. M'chitsanzo chathu sizikufanana chifukwa tangotenga maakaunti awiri.

Chomaliza pa gawoli ndi kupatsa mzere uliwonse nambala. Mu G4 lembani Mzere, mu G5 lembani `=ROW()`, kokerani mpaka pa mzere wotsiriza wa lipoti, kenako koperani kolamuyo n'kuimata pomwepo ndi Paste Special, Values. Kolamu imeneyi imagwira ntchito zitatu. Mukasokoneza dongosolo la mizere mumaibwezera posanja ndi G. Mzere wopanda kanthu sukhalaponso, ndiye sefa imafika mpaka pansi. Ndipo mwezi wamawa wina akafunsa komwe K180,000 inachokera, mumangomuuza kuti aone mzere 8 wa lipoti loyamba.

Kulumula maselo

Sankhani shiti yonse podina kabokosi ka pakona, pamwamba pa nambala 1. Pitani pa Home, dinani kamuvi ka pambali pa Merge & Center, sankhani Unmerge Cells. Zomwe zinali m'maselo olumikizidwa zimatsalira mu selo ya kumanzere kwenikweni ndi pamwamba, enawo amakhala opanda kanthu. Ndiye 5200 Fuel ikhala mu A5 yokha.

Shiti idakali yosankhidwa, tsegulani zobisika: dinani kumanja pa nambala ya mzere uliwonse musankhe Unhide, muchitenso chimodzimodzi pa zilembo za makolamu. Ngati kumanzere kuli timabatani ta + ndi - topinda mizere, chotsani ndi Data, Ungroup, Clear Outline. Malipoti ambiri amakhala ndi timakolamu topyapyala topanda kanthu pakati pa makolamu enieni. Musatifufute musanaone, chifukwa mukalumula maselo mutu wa kolamu umatha kutsalira m'kakolamu kopyapyalako pomwe manambala ake ali mu kolamu yoyandikana nayo. Zikatero sunthani mutuwo ukhale pamwamba pa manambala ake.

Kutsitsa dzina la akaunti pa mzere uliwonse

Njira yomwe ambiri amaidziwa ndi iyi. Sankhani A5 mpaka A18, dinani F5, kenako Special, Blanks, OK. Excel isankha maselo opanda kanthu okhaokha. Osadina pena paliponse, lembani chizindikiro cha =, dinani muvi wolozera m'mwamba, kenako Ctrl+Enter. Selo iliyonse yopanda kanthu itenga zomwe zili pamwamba pake. Ndi njira yachangu ndipo pa lipoti laling'ono imakwanira, bola mwasankha kolamu A yokha. Mukasankha mpaka ku E ndi F, ndalama nazonso zitsikira m'maselo opanda kanthu, moti K180,000 ya mzere 8 ionekanso pa mzere 9.

Koma ili ndi misampha iwiri. Woyamba ndi maselo omwe amaoneka opanda kanthu koma muli mpata wosaoneka kapena mawu opanda zilembo omwe pulogalamu inaikamo. Excel siyiwatenga ngati Blanks, ndiye imayankha kuti `No cells were found.` kapena imasankha ena n'kudumpha ena. Wachiwiri ndi woopsa kwambiri chifukwa suonekera. Lipoti lalitali limabwereza mutu wa tsamba pakati pa akaunti. Tiyerekeze kuti tsamba lathera pa mzere 8, ndipo pakati pa mzere 8 ndi 9 pali General Ledger ndi Account kachiwiri. Mukatsitsa ndi Blanks, Refund ya K15,000 ikhala ya akaunti yotchedwa Account, osati 5200 Fuel. Totala yaikulu ikhalabe yolondola, koma akaunti ya mafuta yatayika ndalama.

N'chifukwa chake ine ndimakonda fomula yomwe imadziwa kusiyanitsa mutu wa akaunti ndi mawu ena. M'lipoti lathu akaunti iliyonse imayamba ndi manambala anayi. Mu H4 lembani Akaunti, mu H5 lembani izi, mukokere mpaka pansi:

```
=IF(ISNUMBER(VALUE(LEFT(A5,4))),A5,H4)
```

Fomulayi ikuti: ngati zilembo zinayi zoyamba mu kolamu A ndi nambala, apa payamba akaunti yatsopano, ngati ayi, pitirizani ndi akaunti ya mzere wapamwamba. Selo yopanda kanthu, mpata wosaoneka, Total 5200, Account, General Ledger, zonsezi sizikwanira, ndiye dzina loyenera limangodutsa n'kupitirira. Ngati maakaunti anu alibe manambala, funani chizindikiro china chomwe mitu yokha ili nacho, mwachitsanzo mzere womwe A muli mawu, B ndi E mulibe kanthu, ndipo mzere wotsatira ndi Balance b/f. Mukamaliza, tsegulani sefa pa H muwerenge mndandanda wa mayina. Dzina lililonse lachilendo, monga tsiku losindikizira lipoti lomwe lalowerera ngati akaunti, lionekera pomwepo.

Makompyuta ena, makamaka omwe anaikidwa pa dera la South Africa, amafuna `;` m'malo mwa `,` pakati pa zigawo za fomula. Excel ikakana fomula yomwe mwailemba bwinobwino, yambani mwaona zimenezi.

Masiku

Apa tikhalitsepo, chifukwa gawo lotsatira lidalira kuti tsiku likhale tsiku lenileni. Kwa Excel tsiku ndi nambala. 1 Epulo 2024 ndi 45383, 30 Epulo 2024 ndi 45412, ndipo 01/04/2024 yomwe mumaona ndi chovala chabe cha nambalayo. Mapulogalamu ambiri amatumiza masiku ngati mawu wamba. Kuti mudziwe, lembani `=ISNUMBER(B7)` pambali. Ikayankha FALSE, ndi mawu. Chizindikiro china n'chakuti mawu amakhala kumanzere kwa selo, manambala kumanja, ngakhale lipoti limatha kukakamiza zonse mbali imodzi, ndiye musadalire maso okha.

Ngati onse ndi mawu, sankhani kolamu B yokha, pitani pa Data, Text to Columns, dinani Next kawiri, pa gawo lachitatu sankhani Date, ndipo pambali pake DMY, kenako Finish. DMY ikuuza Excel mmene masikuwo alembedwera m'lipotimo, tsiku kutsogolo, mwezi pakati, chaka kumapeto. Siyikunena za mmene mukufuna kuti aoneke. Kungosintha Format Cells kukhala Date sikuthandiza kanthu, mawu amakhalabe mawu.

Vuto lalikulu ndi pamene ena ndi masiku enieni, ena ndi mawu, mu kolamu imodzi. Izi zimachitika pa kompyuta yomwe dera lake ndi United States, komwe mwezi umayamba, fayilo ikadutsira mu CSV n'kutsegulidwa pongoidina kawiri, kapena wina akayesa kukonza masikuwo pamanja. Excel imawerenga 03/04/2024 ngati 4 Malichi, 12/04/2024 ngati 4 Disembala, ndipo 25/04/2024 imaisiya ngati mawu chifukwa kulibe mwezi wa 25. Tsiku lililonse kuyambira 1 mpaka 12 latembenuzidwa, kuyambira 13 kupita m'tsogolo latsala mawu. Text to Columns ikonza otsala mawuwo, koma otembenuzidwa kale aja siyiwakhudza, ndipo kolamu yonse ioneka yaukhondo pomwe gawo lina ndi labodza. Zikafika apa, ine sindilimbana nazo ndi mafomula. Ndimabwerera ku pulogalamu ya akaunti kukatulutsanso lipotilo, kapena ndimalowetsa CSV ija kudzera pa Data, From Text/CSV, komwe munthu amatha kunena dera la masikuwo asanawerengedwe.

Muyeso wake ndi wosavuta. `=MIN(B5:B18)` ndi `=MAX(B5:B18)` ziyenera kukhala mkati mwa nthawi yomwe yalembedwa pa mzere 2. Lipoti la Epulo likakhala ndi Malichi ndi Disembala pa sefa, masiku atembenuzidwa.

Ndalama zomwe si manambala

Sankhani E7 ndi E8 muyang'ane m'munsi mwa windo kumanja. Mukaona Sum: 300,000.00, ndi manambala. Mukangoona Count: 2, ndi mawu, ndipo SUM imawadumpha mwakachetechete osadandaula. Nthawi zina pamakhala kachizindikiro kobiriwira pakona ya selo komwe kamapereka Convert to Number, koma sikaoneka nthawi zonse, makamaka pakakhala mpata wosadukiza, womwe pa Windows ndi `CHAR(160)`. Malipoti ochokera ku mapulogalamu a pa intaneti amakhala nawo kawirikawiri, ndipo TRIM siyiuchotsa.

Mu I4 lembani Debiti, mu J4 Kirediti. Mu I5 ikani fomula iyi, muikokere ku J5 kuti iwerenge F, kenako zonse ziwiri mpaka pansi:

```
=IF(ISNUMBER(E5),E5,NUMBERVALUE(SUBSTITUTE(E5,CHAR(160),""),".",","))
```

Ngati selo ili kale nambala, imatengedwa mmene ilili. Ngati ndi mawu, mpata uja umachotsedwa, ndipo NUMBERVALUE, yomwe ilipo kuyambira Excel 2013, imauzidwa kuti kadontho ndiko kamalekanitsa kwacha ndi tambala, pomwe `,` imalekanitsa zikwi. Selo yopanda kanthu imasanduka 0, zomwe zili bwino pa tebulo la ndalama.

Mudzaona `#VALUE!` pa mizere ina. Pa mitu ya tsamba yobwerezedwa palibe vuto, poti mizereyo ikutayidwa. Koma ikaoneka pa thiranzakishoni, ndiye kuti ndalamayo ili ndi chinachake chomwe sitinachiganizire, monga Cr kapena Dr kumapeto, MK kutsogolo, kapena chizindikiro chochotsera chomwe chili kumbuyo, ngati 15,000.00-. Cha kumbuyochi Text to Columns imachidziwa: pa gawo lachitatu dinani Advanced muonetsetse kuti Trailing minus for negative numbers yachongedwa. Chomwe ndikupemphani kwambiri n'chakuti musakute fomulayi ndi IFERROR yobweza 0. Mukatero ndalama iliyonse yomwe yalephera kuwerengeka isanduka ziro, ndipo mwazimitsa nokha chenjezo lokhalo lomwe munali nalo.

Kolamu ya Ref isiyeni ngati mawu. Nambala ya cheke ngati 000457 ikasanduka nambala imataya maziro ake, ndipo nambala yodutsa madijiti 15 Excel imaidula n'kuika maziro kumapeto, osabwezekanso.

Kusankha mizere yeniyeni

Apa ndi pomwe anthu ambiri amatayira ndalama. Njira yomwe imabwera msanga m'mutu ndi kufufuza mawu akuti Total n'kufufuta mizere yonse yomwe yapezeka. Onani mzere 7. Kuno kwathu anthu amathira mafuta pa Total, ndipo wolemba vaucha amalemba dzina lomwelo. Find All pa shiti yonse itola mzere umenewu pamodzi ndi matotala, ndipo K120,000 ipita. Njira ina yotchuka ndi F5, Special, Blanks, kenako kufufuta Entire row pofuna kuchotsa mizere yopanda kanthu. Mukasankha makolamu angapo, imafufuta mzere uliwonse womwe uli ndi selo imodzi yokha yopanda kanthu, ndipo mu leja pafupifupi mzere uliwonse uli nayo, poti pomwe pali debiti palibe kirediti.

M'malo mosaka zoipa zomwe mitundu yake ndi yambiri, tinene chomwe chimapanga mzere wabwino. M'lipoti lathu thiranzakishoni ili ndi tsiku lenileni ndipo si ndalama zotsala. Mu K4 lembani Chigamulo, mu K5:

```
=IF(AND(ISNUMBER(B5),TRIM(D5)<>"Balance b/f"),"SUNGA","TAYA")
```

Mutu wa akaunti, totala, mzere wopanda kanthu ndi mutu wa tsamba zonse zilibe tsiku mu B, ndiye zimagwa ndi muyeso umodzi womwewu. Balance b/f ili ndi tsiku, n'chifukwa chake taitchula payokha. Lembani mawuwo ndendende mmene lipoti lanu lawalembera, kaya ndi Opening Balance kapena Beginning Balance. M'chitsanzo chathu SUNGA ikhala pa mizere 7, 8, 9, 14 ndi 15, yotsala 9 ikhala TAYA, zonse pamodzi 14, kuyambira mzere 5 mpaka 18.

Tsopano chitani chomwe ambiri amachidumpha: yang'anani zomwe mukutaya. Zili ngati posankha nyemba palichero, pomwe mayi amapendanso kamulu ka zinyalala asanakataye chifukwa nyemba zabwino zimapitira limodzi ndi miyala. Dinani G4, yatsani sefa ndi Ctrl+Shift+L, pa K sankhani TAYA, kenako pa C chotsani chongani pa Blanks. Pasatsale mzere uliwonse kupatula mitu ya tsamba. Mzere wa TAYA womwe uli ndi nambala ya vaucha ndi thiranzakishoni yomwe ikuthawa. Zifukwa zake nthawi zambiri ndi ziwiri. Mwina tsiku lake latsala mawu, kapena lipotilo limalemba tsiku kamodzi kokha pa thiranzakishoni zingapo za tsiku limodzi. Ngati ndi chachiwirichi, tsitsani tsikulo ndi fomula yonga ya akaunti ija, koma pa mizere yokhayo yomwe ili ndi Ref, apo ayi mizere ya totala nayonso ilandira tsiku n'kulowa m'gulu la SUNGA.

Mudzapezanso mizere yomwe ili ndi mawu mu D mokha, yopanda tsiku kapena ndalama. Amenewo ndi malongosoledwe aatali omwe anasefukira pa mzere wachiwiri. Kuwataya sikusintha ndalama, koma ngati mchira wa mawuwo uli ndi nambala ya invoisi yomwe mudzaifune, alumikizeni ku mzere wapamwamba musanapitirire.

Kusamutsira pa shiti yatsopano

Zimitsani sefa kaye. Sankhani makolamu H mpaka K, koperani, matani pomwepo ndi Paste Special, Values. Izi n'zofunika chifukwa fomula ya akaunti imadalira mzere wapamwamba pake. Mukasanja kapena kufufuta mizere idakali fomula, mayina asokonekera kapena mupeza `#REF!` ponseponse. Ndipo kumata kuchitike sefa ili yozimitsa, chifukwa kumata pa mizere yosefedwa sikuyenda mmene munthu amaganizira.

Yatsaninso sefa, pa K sankhani SUNGA. Sankhani kuyambira B4 mpaka pansi pa J, dinani `Alt+;` kuti musankhe zooneka zokhazokha, koperani, mukamate pa A1 ya shiti yatsopano ndi Paste Special, Values and number formats. Mukamata Values yokha masiku aoneka ngati 45385, zomwe si vuto koma zimadzidzimutsa. Pa shiti yatsopanoyo fufutani makolamu akale a Debit ndi Credit, mutsale ndi oyera aja. Dinani selo iliyonse m'katimo, Ctrl+T, chongani My table has headers, ndipo pa Table Name lembani Leja.

Remove Duplicates musaikhudze. Mizere 14 ndi 15 ndi yofanana chilichonse, tsiku, Ref, mawu ndi ndalama, koma banki ikatumiza ndalama kawiri tsiku limodzi imadulanso kawiri. Ngati mukukayika kuti china chinalembedwa kawiri molakwika, yankho lili pa sitetimenti ya banki, ndipo kukonza kwake kuchitike mu pulogalamu ya akaunti ndi jenulo, osati pofufuta mu Excel.

Kutsimikiza

Tengani manambala omwe munalemba poyamba paja. `=SUM(Leja[Debiti])` iyenera kupereka 313,000 ndipo `=SUM(Leja[Kirediti])` 15,000. Zikapanda kugwirizana, kusiyana kwakeko ndiko kumaloza komwe kuli vuto, choncho musathamangire kuyambiranso. Debiti ikatuluka 1,255,000, Balance b/f yatsalira. Ikatuluka 193,000, mwaperewera 120,000 ndendende, ndipo mukafufuza nambala imeneyo pa shiti yoyamba mupeza vaucha ya mafuta ija. Ikatuluka 306,500, chimodzi mwa zodula za banki chachotsedwa. Ikatuluka 300,000 kirediti n'kukhala 0, onani kuti zonse zosowa ndi za pa 25 ndi pa 30, masiku opitirira 12, ndiye kuti nkhani ndi ya masiku otsala mawu. Kusiyana kukakhala kawiri ndalama inayake, ndalamayo yalowa ndi chizindikiro chosemphana, yochotsera yawerengedwa ngati yowonjezera.

Totala yaikulu ikagwirizana musaime pomwepo, chifukwa siyiona ndalama yomwe yapita ku akaunti yolakwika. Yesani akaunti iliyonse:

```
=SUMIFS(Leja[Debiti],Leja[Akaunti],"5200 Fuel")
```

Iyenera kupereka 300,000, yomwe ndi 1,200,000 ya mzere 10 kuchotsa 900,000 ya mzere 6. Ya 5300 ipereke 13,000. Maakaunti akakhala ambiri, pangani PivotTable, Akaunti ku Rows, Debiti ndi Kirediti ku Values, muiike pafupi ndi mizere ya totala yomwe munaitaya ija. Apa ndi pomwe mizere imeneyo imapindulitsa, n'chifukwa chake tinakopera SUNGA kupita kwina m'malo mofufuta TAYA. PivotTable ikaonetsa Count of Debiti m'malo mwa Sum, mu kolamumo mwatsala mawu kapena maselo opanda kanthu. Poyerekeza ikani manambala awiriwo mu B2 ndi C2, mugwiritse ntchito `=ROUND(B2-C2,2)`, chifukwa ndalama zokhala ndi matambala nthawi zina zimasiya kakusiyana kakang'ono kwambiri kochokera m'kawerengedwe ka kompyuta, komwe si ndalama yosowa.

Ngati lipotili limabwera mwezi ndi mwezi

Mukachita pamanja kamodzi n'kumvetsa khalidwe la lipoti lanu, mwezi wotsatira ntchitoyi ipatseni Power Query, yomwe ili mkati mwa Excel ya Windows kuyambira 2016. Pitani pa Data, Get Data, From File, musankhe fayilo ya lipotilo, kenako Transform Data. Maselo olumikizidwa safunika kulumula, poti imawawerenga ngati mawu mu selo yoyamba ndi `null` m'maselo enawo. Yambani mwafufuta sitepe ya Changed Type yomwe imadziikira yokha, chifukwa imeneyo ndiyo ingatembenuze masiku malinga ndi dera la kompyuta, mufufutenso ya Promoted Headers ngati ilipo. Chotsani mizere itatu yapamwamba ndi Remove Top Rows, dinani Use First Row as Headers, mufufutenso Changed Type ikabwerera, muwonjezere Index Column, kenako Custom Column yotchedwa Akaunti:

```
try if Number.From(Text.Start([Account],4)) > 0
    then [Account] else null otherwise null
```

Pa kolamu yatsopanoyo sankhani Fill, Down. Fill Down imadzaza `null` yokha, n'chifukwa chake fomulayi ikubweza `null` pa chilichonse chomwe si mutu wa akaunti. Sefani mitu ya tsamba yobwerezedwa, yomwe Date yake ndi mawu akuti Date, musanasinthe mtundu wa kolamu. Kenako dinani kumanja pa Date, Change Type, Using Locale, sankhani Date ndi English (United Kingdom), muchitenso chimodzimodzi pa Debit ndi Credit ndi Decimal Number. Chotsani `null` pa Date ndi Balance b/f pa Description, kenako Close & Load.

Mwezi wamawa sungani lipoti latsopano pa dzina lomwelo ndi mu foda yomweyo, mudine Refresh All. Power Query imakumbukira makolamu ndi mayina awo, ndiye pulogalamu ikasintha Debit kukhala Debit Amount, idzaima n'kunena kuti kolamuyo siyikupezeka, ndipo mudzakonza sitepe imodzi yokhayo. Koma zina siziimitsa chilichonse. Akaunti yatsopano ya manambala atatu, monga 900 Suspense, fomula ya Excel ija kapena iyi ingathe kuilandira kapena kuidumpha malinga ndi chilembo chachinayi, ndipo ikadumphidwa ndalama zake zimalowa mu akaunti yapamwamba pake popanda chenjezo. Choncho shiti yoyerekeza akaunti ndi akaunti ikhale m'fayilo yomweyo, ndipo muziiyang'ana nthawi iliyonse mukadina Refresh All, musanatumize tebulolo kwa wina aliyense.